Mayi Nangaenawo ndi Funso la Switchi

Mayi Nangaenawo sankalandira chilembo chokhachokha. Wophunzira akati yankho ndi B, iwo ankavomera ndi mutu, kenako n'kuloza A ndi choko, n'kufunsa kuti, "Nanga enawo?" Munthu sankakhala pansi mpaka atanena chimene chagwetsa A, chimene chagwetsa C, ndi chimene chagwetsa D. Dzinali linachokera pomwepo, ndipo lenileni linangotsala pa mapepala a ku ofesi.

Ankaphunzitsa za magetsi pa sukulu ya ntchito zamanja, kuseri kwa depoti ya mabasi. Chipinda chawo chinali chachitali, cha malata, chokhala ndi mabenchi asanu ndi limodzi ndi matabwa okhomedwa kukhoma, pomwe ophunzira ankayeserera kulumikiza masoketi. Kumapeto kwake kunali kachipinda kosungiramo zida, ka zenera la waya. Kuseri kwa zeneralo kunkakhala a Makiyi, omwe anali achimwene awo aakulu a bambo a kunyumba kwa mayiwa. Ntchito yawo inali kupereka mapulayala m'mawa n'kuwalandira madzulo. Sanali munthu wa pakamwa. Koma kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri anaonera kalasi ya mlamu wawoyo pa zenera limenelo, ndipo panalibe chimene chinkawadutsa.

Mayeso a ziphaso za amisiri ankayamba ndi tsamba lodzaza mafunso, lililonse ndi mayankho anayi oti munthu asankhepo limodzi. Lolemba lililonse Mayi Nangaenawo ankagawa tsamba limodzi lotero, ndipo ankalimaliza Lachisanu.

"Ketulo ya mawati 2300, pa mavolti 230, imakoka maampu angati?" ankatero. "Iwe wa chipewa."

"B, aphunzitsi. Khumi."

"Nanga enawo? A akuti 0.1. Ameneyo ndi ndani?"

"Ndi amene wagawa chozondoka, aphunzitsi. Watenga mavolti n'kugawa ndi mawati."

"C akuti 2070."

"Wachotsera m'malo mogawa."

"D, 2530?"

"Waphatikiza."

"Eya. Wolemba mayeso satola manambala m'njira. Yankho lolakwa lililonse lili ndi mwini wake, ndipo eni ake atatu onsewo ali m'kalasi muno. Ndikuwaona. Wina akukanda m'mutu apoyo."

Ophunzira ankaseka, ena ankanyinyirika. Akamaliza sukulu, ambiri ankabwera kudzawaonetsa njinga zamoto ndi ana.

Chimene chinayambitsa khalidweli ankachidziwa ndi a pabanja okha. Ali mtsikana, mayiwa anakhoza mayeso omwewa poloweza zilembo. Pa nyumba yoyamba imene anaikamo magetsi okha, switchi ya nyali ya pabalaza anaiika pa waya wobwerera, umene amisiri amati nyutulo, m'malo moiika pa waya wa moto. Nyali inkayaka n'kumazima bwinobwino, mwini nyumba mpaka anawathokoza. Patatha mwezi anawaitana kuti adzasinthe chogwirira babu chimene chinasweka. Anazimitsa switchi, anakwera makwerero, anapisa chala. Moto unali ukadali pomwepo. Anagwa pa simenti, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankayenda motsimphina mwendo wamanzere.

"Alamu," mayiwa anawauzapo a Makiyi kamodzi, akupukuta choko m'manja, "yankho lolakwa nalonso limayatsa nyali. Vuto lake ndi limenelo."

Zinthu zinatembenuka pamene kunabwera mkulu wa sukulu watsopano. Anali munthu waukhondo, wa nsapato zonyezimira, ndipo sankamaliza mawu osatchula maperesenti a okhoza mayeso. Sabata isanathe anali atapatsidwa kale dzina loti a Peresenti. Anabwera ndi makatoni a timabuku ta mafunso akale, ndipo kumbuyo kwa kabuku kalikonse kunali mndandanda wa zilembo za mayankho. Anabweranso ndi mphunzitsi wa magetsi wachiwiri, bambo wa masuti amene ophunzira ankamutcha a Digiri. M'chipinda cha a Digiri munkamveka ngati mukuimbidwa nyimbo: "Wani B! Thu D! Fili C!" Masamba atatu pa tsiku.

Tsiku lina a Peresenti anaima pakhomo la Mayi Nangaenawo manja ali m'thumba.

"Mayi, muli tsamba lanji?"

"Lachinayi, bwana."

"Anzanu ali la makumi asanu. Mayeso safunsa za mayankho olakwa. Munthu amangozunguliza lolondola, basi."

"Mayeso safunsa, bwana. Koma khoma limafunsa."

"Khoma silipereka ziphaso."

"Zoona. Limangolanda zala."

A Makiyi anawerama ngati akuwerenga masikuluwu. Ataweramuka, a Peresenti anali atapita.

Patatha masabata awiri pa bolodi ya zidziwitso panamatidwa pepala. Aphunzitsi onse adzalemba mayeso oona ngati akuidziwa ntchito: tsamba limodzi, mafunso 25. Wopeza ochepera 20 ntchito idzamuthera kumapeto kwa teremu. Pansi pake panali mzere wolembedwa ndi zilembo zazikulu, wakuti munthu azungulize chilembo chimodzi chokha, ndipo wolemba china chilichonse pa tsambalo pepala lake silidzawerengedwa. Aliyense anadziwa kuti mzere umenewu walembedwera ndani.

Lamlungu masana a Makiyi anapita kwa mng'ono wawo, amene anali telala. Anawapeza pakhonde ndi akazi awo, wina pa makina osokera, wina akusita malaya a yunifolomu a mdzukulu wawo amene ankamulera.

"Achimwene, tawauzani alamu anuwa," anatero telala, phazi lili pa chopondera. "Ine ndalephera. Kuzunguliza chilembo, ka mphete kamodzi kokha, n'chiyani? Maso angawa akutha, singano ndikuilowetsa mwamwayi. Ntchito ikatha, nyumba ino tidzadya ulusi?"

"Ndizunguliza, bambo. Ndani wakana kuzunguliza?"

"Ndiye n'kusiyira pomwepo!"

"Pamenepo ndiye sindinalonjeze."

"Mwaona? Munthu uyu ine nditamufunsira, anati, 'Nanga enawo bwanji simunawafunsire?' Ndinachita kufotokoza za atsikana atatu!"

Mayi Nangaenawo anaseka, koma simbi sanaisiye. "Ana aja akandiona ine ndikungozunguliza chifukwa choopa, Lolemba ndikaima bwanji kutsogolo kwawo? Alamu, inu mukuti bwanji?"

A Makiyi anayang'ana mwendo wotsimphina uja kanthawi.

"Lembani ndi pensulo yakuthwa," anatero. "Malo ndi ochepa."

"Aa, achimwene! Ndimati mwabwera kudzathandiza!"

Mayeso analembedwa Lachitatu m'mawa, m'chipinda chomwecho cha magetsi. Aphunzitsi a ntchito zina anali ndi masamba awo. A Digiri anamaliza mphindi khumi zisanakwane, anaika cholembera m'thumba la jekete, n'kutuluka akuimba mluzu. Mayi Nangaenawo anakhala mpaka belu litalira. A Makiyi ankawaona bwinobwino: azungulize chilembo, kenako alembe timawu ting'onoting'ono pambali pa zitatu zotsalazo. Malo atatha anatembenuza tsamba.

A Peresenti ankachonga ndi khadi loboolaboola. Ankaliika pamwamba pa tsamba, n'kuwerenga mabowo amene munkaoneka mphete. A Digiri anapeza 25. Pepala la Mayi Nangaenawo sanaliike n'komwe pansi pa khadi. Analemba ziro wamkulu ndi inki yofiira, ndipo Lachisanu kalata yowachotsa ntchito inafika.

Koma kuchotsa mphunzitsi kunkafunika kuti komiti ya sukulu ivomereze, pamaso pa woyendera sukulu wochokera kunja. Woyenderayo anali mayi wamfupi wa magalasi, amene nayenso anayamba ngati mmisiri. Ku ofesi kunali kopanikiza, ndiye anakhala pa mabenchi a m'chipinda cha magetsi. A Makiyi palibe anawauza kuti atuluke. Anthu ankawaiwala ngati kabati.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero a Peresenti. "Lamulo linali poyera. Analiphwanya. Pepala ili, taonani, ngati padutsa nyerere."

Woyendera analitembenuza uku ndi uku. "Mayi, lamulo munaliwerenga?"

"Ndinaliwerenga kawiri."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinaliphwanya. Sindikupepesa. Koma pepala lija linati mayeso ndi oona ngati ndikuidziwa ntchito. Ndipatseni tsamba losalembapo ndi choko. Mukaona kuti sindiidziwa, kalata ndili nayo kale m'chikwama."

"Tilibe nthawi ya zisudzo," anatero a Peresenti.

"Ine ndili nayo," anatero woyendera. "Basi yanga ndi ya madzulo. Inu gwirani khadi lanu, muzitiuza."

Mayi Nangaenawo anatsimphina kupita pa bolodi, n'kuyamba funso loyamba ngati ndi Lolemba wamba. Ankawerenga funso, kunena yankho, kenako kutenga otsalawo mmodzimmodzi.

"Funso lachitatu. Mnzako wagwidwa ndi magetsi, dzanja lakakamira pa waya. Choyamba uchita chiyani? C: zimitsa pa switchi yaikulu. A akuti umukoke ndi manja. Ameneyo ndi wachikondi, koma magetsi adutsa mwa mnzakeyo n'kulowa mwa iye, maliro akhala awiri. B akuti umuthire madzi. Madzi amanyamula magetsi, ndiye wangowatsegulira njira ina. D akuti thamangira dokotala. Dokotala akufunika ndithu, koma pambuyo. Ukayamba ndi iyeyo, wasiya munthu akupsa."

"C," anatero a Peresenti, osadzutsa mutu.

"Funso lachisanu ndi chiwiri. Fyuzi ikungopsa nthawi ndi nthawi. D: zimitsa, ufufuze chimene chalakwika. A akuti ika fyuzi yaikulu. Ikatero fyuzi sipsa, umapsa ndi waya wa m'denga. B akuti lumikiza ndi msomali. Ameneyo ndi A yemweyo atamwa. C akuti uzingosintha fyuzi ya mlingo womwewo. Sanaphe munthu lero, koma vuto likadali m'khoma, ndipo tsiku lina adzatopa n'kukhala B."

Wapampando wa komiti, bambo wonenepa wa sitolo ya zitsulo, anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa.

Pa funso la khumi ndi chimodzi panali marezisita awiri, tizida tochepetsa magetsi odutsa, wa maomu 6 ndi wa maomu 3, olumikizidwa mbali ndi mbali. "Yankho ndi 2," anatero, akulemba. "Wa 9 waphatikiza, ngati alumikizidwa motsatizana. Wa 18 wachulukitsa, n'kuiwala kugawa ndi 9. Awiriwa akanadzigwira okha, chifukwa njira zikakhala ziwiri, yankho liyenera kuchepa kuposa rezisita wamng'onoyo. Wa 0.5 ndimamumvera chisoni. Wayenda ulendo wonse bwinobwino, waphatikiza gawo limodzi la magawo 6 ndi gawo limodzi la magawo 3, wapeza theka, n'kuiwala kulitembenuza."

Khadi linkavomereza, funso ndi funso. A Peresenti ankangotchula zilembo ndi mawu otsika. Ophunzira anali atayamba kuunjikana pa mawindo.

"Funso la 14. Switchi ya nyali imaikidwa pa waya uti? Yankho ndi A, waya wa moto."

"Mwalakwa!" A Peresenti anaimirira, nkhope itawala. "Ndi C. Bowo ili apa. A Digiri, munazunguliza chiyani?"

A Digiri, amene anakhala kumbuyo miyendo itapingasa, anati, "Fotini C. Ngakhale mundidzutse kutulo."

"Tawerengani C yo, a Digiri," anatero Mayi Nangaenawo. "Mokweza."

A Digiri anatenga tsamba. Anayang'ana. Analibweza pa benchi.

"Ndikuwerengereni. C akuti waya wa nyutulo. B akuti waya wolowa m'nthaka. Umenewo ndi wopulumutsa munthu, sudulidwa ndi switchi, ndipo nyali siyendera umenewo, ndiye singazime n'komwe. D akuti waya uliwonse mwa iwiriyo, wa moto kapena wa nyutulo. Ameneyo wangoona kuti nyali ikuzima, wakhutira. Koma C ndimudziwa bwino ine. Ndinali ineyo."

"Khadi ndinalibowola potsatira buku," anatero a Peresenti. "Buku losindikizidwa. Mukufuna kutiuza kuti mumaposa buku?"

Apa m'pamene chitseko cha kachipinda ka zida chinalira. A Makiyi anatuluka atanyamula thabwa limene linkakhala lokiyidwa m'kabati, lolembedwa ndi penti yofiira kuti OSAKHUDZA. Linali ndi babu ndi switchi, ndipo mlamu wawo analilumikiza dala molakwika kuti aziphunzitsira. Analiika pa benchi, anaika tesita yoyesera moto pambali pake, n'kubwerera cham'mbuyo.

"Zikomo, alamu." Mayiwa analowetsa pulagi. Nyali inayaka. Anadina switchi, inazima. "Mwaona, bwana? C wagwira ntchito. Mdima uwu."

Anachotsa babu mosamala. Anatenga tesita, n'kukhudza nayo kachitsulo ka m'kati mwa chogwirira babu. Kanyali ka m'tesita kanayaka psuu.

"Switchi ndi yozimitsa. Buku lanu likuti zili bwino. Bwerani mupise chala."

Palibe anasuntha.

"A Digiri? Inu a 25?"

Pa mawindo wina anakuwa kuti, "Pisani, bwana!" ndipo wapampando anachita kudzuka kukawathamangitsa.

Mayi Nangaenawo anazula pulagi. A Makiyi anabweranso, ulendo uno ndi kabuku kakale kothothoka chikuto, kamene ankatsekera mpata wa pa shelefu. Anakatsegula pa funso lomwelo n'kukapereka kwa woyendera. M'kabuku kakaleko waya wa moto unali pa C. Osindikiza atsopano anasintha malo a mayankho, koma mndandanda wa kumbuyo anausiya momwemo.

Woyendera anavula magalasi. "A Digiri, ophunzira anu ndi angati?"

"Makumi anayi ndi awiri."

"Onse amaimba kuti fotini C?"

A Digiri anavomera ndi mutu.

"Ndi funso limodzi lokha," anatero a Peresenti. "Limodzi pa 25. Komanso lamulo ndi lamulo."

"Lamulo aliphwanyadi," anatero woyendera. "Mayi, tichite chonchi. Tsamba lina ili. Zungulizani zilembo zokha, tichonge, nkhani ithe mwamtendere."

A Makiyi anaganiza za mng'ono wawo ndi singano yake. Mumtima anati, landirani alamu, mwapambana kale.

"Pepani, mayi," anatero Mayi Nangaenawo. "Ndikazunguliza ndilembanso. Ndipo sindinamalize. Atsala mafunso khumi ndi limodzi."

Woyendera anapinda tsamba latsopano lija. Kenako anavalanso magalasi, anatenga khadi loboolaboola m'manja mwa a Peresenti, n'kuliika pansi pa chikwama chake.

"Funso la 15," anatero.

Zonse zinatenga maola awiri ndi mphindi makumi anayi. Choko chinatha, a Makiyi anabweretsa china. Pa funso la 22 mawu a mayiwa anasasa, ndipo wapampando anawatungira madzi yekha. Sanalumphe yankho lolakwa ngakhale limodzi, onse 75. Atamaliza, woyendera anakhwatcha ziro uja, analemba 25, n'kusaina. Pa pepala la a Digiri analemba 24, nawauza kuti mawa lomwe akaime kutsogolo kwa kalasi yawo ndi thabwa lija. Kalata yochotsa ntchito komiti inaikana.

A Peresenti sanakhululuke. Teremu yotsatira anawalanda Mayi Nangaenawo kalasi yolemba mayeso, n'kuwapatsa ongoyamba kumene, amene sankadziwa n'komwe kagwiridwe ka pulayala. Anaona ngati awalanga.

"Andipatsa asanawonongeke," anatero mayiwa pa zenera la waya, akubweza makiyi a kabati. Telala kunyumba anangoti, "Bola ulusi sitidya," ndipo anawasokera diresi yatsopano ya matumba awiri oikamo choko.

A Makiyi anapuma ntchito chaka chomwecho, miyendo itayamba kutupa. Tsiku lawo lomaliza linali Lolemba. Anawerengera wolowa m'malo mwawo zida zonse, anamusonyeza kiyi wa kabati ya thabwa lija, anavala chipewa. Potuluka anayenera kudutsa m'kalasi, ndipo anayenda m'mbali mwa khoma kuti asasokoneze.

Tsamba latsopano linali litagawidwa. Mtsikana wina wamtali, wa ovolosi yaikulu kuposa thupi lake, anali ataimirira.

"B, aphunzitsi," anatero, n'kuyamba kukhala pansi.

"Ukupita kuti?"

Mtsikanayo anaima theka, osadziwa cholakwa chake. A Makiyi anafika pakhomo, anagwira chitseko, n'kucheuka. Mlamu wawo sanawaone. Anali atatsamira mwendo wabwino uja, choko chili pa A.

"Nanga enawo?"